Katuni ya Kalulu ndi mbande za kusukulu: pomwe ntchito yafika

Kumayambiriro kwa Meyi

Tagwirizana zinthu zitatu zomwe sitisinthanso. Katuniyi ikhala ya mphindi 6, ya m'Chichewa chokhachokha, ndipo owonera ake ndi ana a Sitandade 3 ndi 4. Tasankha mphindi 6 chifukwa phunziro limodzi ku pulaimale ndi la pafupifupi theka la ola, ndipo aphunzitsi afunika nthawi yoyatsa zipangizo, yoonetsa, yofunsa mafunso, mwinanso yobwereza gawo lina. Katuni ikatalika imadya nthawi ya mafunso, pomwe mafunsowo ndiye phunziro lenileni.

Chifukwa china ndi cha dzanja la wojambula wathu. Filimu imayenda mafelemu 24 pa sekondi imodzi, kutanthauza zithunzi zomwe zimasinthana mwachangu pa kanema. Mphindi 6 ndi masekondi 360, kutanthauza mafelemu 8,640. Ngakhale chithunzi chilichonse chitamakhala mafelemu awiri, monga amachitira ambiri, pakufunikabe zithunzi 4,320. Munthu mmodzi wokhalanso ndi ntchito zina sangathe. Choncho tipanga katuni ya zidole zodulidwa: mutu, thupi, manja ndi miyendo zijambulidwa kamodzi pa kompyuta mu pulogalamu ya Krita, kenako zilumikizidwa ndi kuyendetsedwa mu pulogalamu ya OpenToonz. Zimenezi zikundimanga ine wolemba kuyambira lero. Ndikalemba kuti "ana onse akuvina", ndam'patsa mnzanga ntchito ya mwezi wathunthu ndi mawu atatu okha.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Kalulu wapatsidwa ntchito yothirira mbande za mitengo ku nazale ya sukulu ndi kutseka chitseko akamaliza. Wamva anzake akusewera mpira wa chikulunga, wathamangira komweko, chitseko wasiya pululu. Mbuzi yalowa, yadya mbande. M'mawa mwake mlandu wagwera Kamba, ndipo Kalulu ayenera kusankha chochita.

Pakati pa Meyi: atengambali

Ndalemba mafotokozedwe a atengambali anayi. Pa aliyense ndikulemba maonekedwe, kayendedwe, kalankhulidwe, ndi chimene akufuna. Chomalizachi ndicho chimathandiza kwambiri polemba mawu ake.

Kalulu. Wa Sitandade 3, wotuwa, wowonda, malaya a yunifolomu osapisira. Sayenda, amadumpha. Amayankha funso lisanathe. Amafuna kuti anzake azimuona kuti ndi dolo. Makutu ake ndiwo nkhope yake yeniyeni: akasangalala amaima onse awiri, akanama limodzi limapinda pakati, akachita manyazi amagwa onse mpaka kumsana. Ana akangoligwira lamulo limeneli aziwerenga mtima wa Kalulu popanda mawu, ndipo kwa wojambula ndi tizidutswa tiwiri tokha tozunguza.

Kamba. Mnzake wa desiki imodzi. Wamfupi, wotambalala, chigoba chobiriwira modera. Amayamba wapuma asanalankhule, ndipo mawu ake ndi ochepa. Si wopusa, ndipo ndalemba zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu kuti wolankhula mawu ake asadzamusandutse chitsiru choseketsa. Amafuna kuti mitengo ikule, chifukwa ndiye anadzaza machubu ambiri.

A Nkhanga. Aphunzitsi awo, ana amawatchula kuti Madamu. Ofulumira, achikondi, koma ali ndi ana ambiri oti awasamale, ndiye amaweruza msanga. Wojambula anayamba waganiza zoika kadzidzi, chifukwa m'makatuni ambiri akunja kadzidzi ndiye mphunzitsi wanzeru. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amaganiza za maliro ndi ufiti, ndipo sindikufuna kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu athe mphindi yoyamba akudabwa chifukwa chomwe mbalame imeneyo ili m'kalasi. Njovu tinaikana pa chifukwa china: ikaima pafupi ndi Kamba, mmodzi wa iwo sakwana pa chithunzi.

Mbuzi. Silankhula, sivala. Apa panali mtsutso, koma yankho lake ndi losavuta: Mbuzi ikanakhala yolankhula, Madamu akanangoifunsa kuti chitseko anatsegula ndani, nkhani n'kutha pa mphindi yachitatu. Lamulo la dziko la katuni yathu ndi lakuti nyama zam'tchire ndizo ana asukulu, ziweto ndi ziweto basi.

Anayiwa tawapaka onse utoto wakuda bii n'kuwayang'ana chapatali. Aliyense akuzindikirika ndi chithunzithunzi chake chokha: wamtali wa makutu, wotambalala ngati mbale yovundikira, wa khosi lalitali, wa nyanga. Mayeso amenewa ndi ofunika chifukwa katuniyi idzaonetsedwa masana pa khoma la kalasi, kuwala kukulowa m'mazenera, ana ambiri atakhala pansi mpaka kumbuyo. Mitundu imafwifwa m'malo otere. Mwana wakumbuyo amaona mpangidwe wa thupi ndi mizere yonenepa, osati madontho a nkhanga. Ana ena a m'kalasi la m'nkhaniyi akhala mitu isanu ndi umodzi yomwe imangotembenuka, sayenda.

Kumapeto kwa Meyi: kuyeza mawu

Olemba mafilimu ali ndi lamulo lakuti tsamba limodzi la zolemba ndi mphindi imodzi pa kanema. Pa Chichewa lamuloli silikutithandiza, chifukwa liwu limodzi lathu limatha kunyamula chiganizo chonse. Ndiye ndasiya kuwerenga mawu, ndikuwerenga maphatikizo. Titajambula mawu oyesera mu pulogalamu ya Audacity, tapeza kuti pa liwiro lomwe mwana wakumbuyo angamve bwino, wolankhula wathu akunena maphatikizo pafupifupi 4 pa sekondi.

Nachi chitsanzo pa funso lofunika kwambiri la Kalulu: "Amatuluka womalizira ndani tsiku lililonse?" Mawu ndi asanu okha, koma maphatikizo ndi 18. Amenewo ndi masekondi anayi ndi theka, kapena mafelemu 108. Ndikawonjezera sekondi imodzi yoti khutu lipinde asanalankhule, ndi ziwiri zoti mitu ya anzake itembenukire kwa Kamba, mzere umodzi wadya masekondi asanu ndi awiri ndi theka. Ndawerengera chonchi mizere yonse, ndipo zolemba zoyamba zinapitirira mphindi 8. Zomwe ndachotsa kwambiri ndi mawu onena zomwe maso akuona kale. Kalulu safunika kunena kuti "ndikupita ku mpira" pomwe tikumuona akuponya keni pansi n'kuthamanga.

Chichewa chatithandiza pa milomo yomwe wojambula amasinthanitsa kuti chidole chioneke chikulankhula. Poti pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, milomo isanu ndi umodzi ikukwanira Kalulu ndi Kamba: wa a, wa e ndi i pamodzi, wa o, wa u, wotseka wa m, b ndi p, ndi wa mano pamlomo wa f ndi v. A Nkhanga ali ndi mlomo wa mbalame, ndiye atatu akwana: wotseka, wotsegula pang'ono, wotsegula kwambiri.

Juni: kuyesa m'kalasi

Wojambula anamaliza zithunzi zotsogolera, zapensulo chabe, ndipo tinazilumikiza ndi mawu oyesera kuti zikhale filimu ya zithunzi zosayenda koma ya nthawi yeniyeni. Aphunzitsi a Sitandade 3 omwe tikugwira nawo ntchito anatilola kuionetsa kwa ana awo. Sitinawafunse anawo ngati yawasangalatsa, chifukwa mwana wa kuno akafunsidwa choncho ndi mlendo amavomera mwaulemu. Tinawafunsa ziwiri: afotokoze nkhaniyo okha kuyambira pachiyambi, ndipo anene yemwe angakonde kukhala m'nkhanimo.

Kufotokoza anafotokoza bwino mpaka pamene Kalulu anapulumuka pa mlandu. Apo anaseka, ena anaombera m'manja. Zotsatira zake anazidumpha mwachangu, ena anaziiwaliratu. Pa funso lachiwiri, manja ambiri anakwera pa Kalulu, ndipo chifukwa chake ankati ndi wochenjera.

Anawa sanalakwitse. M'nthano zomwe amamva kwa agogo awo, Kalulu ndi wamng'ono yemwe amagonjetsa zilombo zazikulu ndi nzeru, ndipo womvera amakhala mbali yake kuyambira pa "padangokhala". Tikamubwereka, timabwereka ndi chikondi chimenecho. M'nthano zambiri wopusitsidwa amakhala Fisi kapena Mkango, omwe palibe amawamvera chisoni. Kwa ife wopusitsidwa ndi mnzake wa desiki imodzi, koma zolemba zathu zinapatsa kuvutika kwa Kamba masekondi 15 okha, pomwe Mbuzi kudya ndi kuthamangitsidwa inali ndi 55. Ana anatsata masekondiwo. Chomwe filimu yakhalitsapo ndicho anachiyesa chofunika.

Kumapeto kunali mawu a Madamu ofotokoza kuipa kwa bodza. Nthawi imeneyo ana anayamba kutembenuka ndi kukandana. Ankadziwa kuti nthano yatha, kwatsala malangizo, ndipo malangizo amawamva tsiku ndi tsiku pa asembule.

Ndiye ndasuntha masekondi 45. Ndachotsa 25 pa Mbuzi ndi 20 pa mawu omaliza a Madamu, onse ndawapereka ku gawo lachisanu. Kulanda Mbuzi masekondi kwandipweteka, chifukwa ndi pomwe ana anaseka kwambiri, koma kuseka kwa masekondi 30 kukukwanira.

Mndandanda wa magawo monga ulili tsopano

1. Ku nazale, m'mawa, masekondi 45. Madamu akuonetsa mbande ndi chitseko cha bango chomangira chingwe. Kamba akusisita tsamba limodzi. Ntchito ya lero yagwera Kalulu.
2. Ku nazale, akaweruka, masekondi 50. Kalulu akuthirira. Mpira ukumveka kuseri, sukuoneka. Kamba akumutsanzika n'kumapita. Kalulu akuyang'ana chingwe, akuyang'ana ku mpira, wathamanga.
3. Mbuzi, masekondi 30. Palibe mawu.
4. Ku nazale, m'mawa mwake, masekondi 60. Machubu ali mbwee. Madamu akufunsa. Funso la Kalulu. Mlandu wagwera Kamba.
5. Kamba yekha, masekondi 60. Akudzazanso machubu ndi kutunga madzi ku mjigo nthawi yopuma. Kalulu ali ku mpira koma sakumenya bwino.
6. Pa mjigo, masekondi 40. Awiriwa akumana.
7. M'kalasi, masekondi 45. Kalulu akuulula.
8. Tsiku lobzala, masekondi 30.

Onse pamodzi ndi 360. Malo ojambula kumbuyo ndi anayi okha: nazale, mjigo, kalasi ndi bwalo la sukulu, ndipo nazale ikugwira ntchito m'magawo asanu.

Julayi: gawo lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri

Mwezi uno wonse wathera pa magawo anayiwa, ndipo ndi pomwe pagona katuni yonse.

M'gawo lachinayi Kalulu sanena kuti Kamba ndiye anasiya chitseko. Amangofunsa funso lija, ndipo aliyense akudziwa kuti Kamba ndiye amatsalira m'mbuyo masiku onse. Mawu aliwonse omwe wanena ndi oona, koma cholinga chake ndi kunamiza. Ndikufuna ana adzakangane pa zimenezi m'kalasi: kodi Kalulu ananama kapena sananame? Limeneli ndi funso lomwe mwana wa Sitandade 3 angathe kulimbana nalo, ndipo yankho lake silili pa khoma.

Aphunzitsi anatichenjeza pa chinthu chomwe ndikuwathokoza nacho. Poyamba Kamba ankangokhala chete, kudikira kuti mnzake aulule yekha. Iwo anati m'kalasi mwawo muli ana ofatsa ambiri omwe amasenza milandu ya anzawo, ndipo katuni ikayamikira kukhala chete kwa Kamba, idzawauza anawo kuti azipirira osanena. Tsopano gawolo likuyenda chonchi:

MADAMU: Iwe Kalulu, dzulo ntchito inali yako. Chitseko unatseka?

KALULU (khutu limodzi lapinda): Madamu, amatuluka womalizira ndani tsiku lililonse?

(Mitu yonse yatembenukira kwa Kamba.)

KAMBA (apuma kaye): Madamu, si ine. Dzulo ndinapita...

(Belu lalira. Ana aimirira ndi phokoso.)

MADAMU: Basi, basi. Kamba, udzazenso machubuwa pa buleki.

Kamba wakana, ndipo wakana momveka. Chomwe chamulepheretsa ndi belu ndi changu cha Madamu. Belulo ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo, chomwe mwana aliyense wa kuno achizindikira ndi kulira kwake komwe. Chikwapu sitikuonetsa paliponse. Chilango ndi ntchito yokonza zomwe zawonongeka, chifukwa tikufuna kuti pamapeto Kalulu adzaitenge ntchito yomweyo.

Gawo lachisanu lilibe mawu ngakhale amodzi. Kamba akuyenda kuchoka pa mjigo ndi keni pachigoba, madzi akutayikira, afika ndi theka. Abwereranso. Ulendo wachitatu tikuuona kuchokera pa bwalo la mpira, kuseri kwa makutu a Kalulu, ndipo mpira ukumudutsa m'miyendo iye osauona. Kwa wojambula gawoli ndi lotsika mtengo, poti kuyenda kwa Kamba kujambulidwa kamodzi n'kumabwerezedwa. Kwa owonera ndi lalitali, ndipo liyenera kutero. Ndikufuna mwana ayambe kusowa mtendere pampando nthawi imodzi ndi Kalulu.

Pa mjigo Kamba sakalipa. Akupempha Kalulu kuti amupopereko chifukwa mkono wa mjigo wamutalikira. Kalulu akupopa, onse ali chete. Kenako Kamba akuti: "Ndinakusiya uli ndi keni, Kalulu. Mawa ndikawauzanso Madamu." Kalulu akuyankha kuti Madamu sadzamukhulupirira. Kamba akuti: "Mwina. Koma ndikanenabe."

Mzere umenewu unatsala pang'ono kuwononga nkhani. Ngati Kalulu aulula chifukwa akuopa kugwidwa mawa, ndiye kuti wangochenjeranso kachiwiri. N'chifukwa chake m'gawo lachisanu ndi chiwiri Kamba akuimika mkono, Madamu akumuuza kuti nkhani ija inatha, atsegule buku. Kalulu wapulumuka kotheratu, palibe chomuopsa. Makutu ake akugwa pang'onopang'ono, ndipo akuimirira yekha: "Madamu, chitseko ndinasiya ndine. Kamba anapita ine ndikadali komweko." Pakutsatira masekondi atatu a chete. Madamu akutembenukira kwa Kamba, osati kwa Kalulu: "Pepa mwana wanga, unandiuza koma sindinakumvere." Ena akuopa kuti aphunzitsi sakondwa kuona mphunzitsi akupepesa mwana. Aphunzitsi athu anati mzerewo usachoke, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Za phunziro la nkhaniyi

Mmodzi mwa ife anapempha kuti titsekere ndi mwambi wakuti choipa chitsata mwini. Mwambiwo ndi wabwino, koma si wa nkhani ino. Umanena za munthu yemwe choipa chake chamupeza, pomwe Kalulu wathu sichinamupeze, wachitulutsa yekha. Tikauika, mwana adzatola kuti bodza ndi loipa chifukwa umagwidwa, ndipo mwana wochenjera adzangophunzira kusagwidwa.

Phunziro lomwe talemba ndi lakuti ukabisa cholakwa chako, amachisenza ndi mnzako, ndipo kuulula ndi kumutula. Mawu amenewa sanenedwa ndi aliyense m'katuni ndipo salembedwa pa kanema. Akhala pa pepala limodzi la aphunzitsi, pamodzi ndi malo awiri oimitsira filimu. Oyamba ndi kumapeto kwa gawo lachinayi, ndi funso lakuti kodi Kalulu wanama. Achiwiri ndi pomwe Madamu akana kumvera Kamba kachiwiri, ndi funso lakuti inu mukanatani. Pa malo awiriwa chithunzi chiima chokha masekondi atatu kuti aphunzitsi apeze batani asanadutse.

Tinabwerera ndi zithunzi zatsopanozi, koma ku kalasi lina lomwe silinaone zoyamba zija. Pofotokoza, ana ambiri anayambira pa Kamba ndi keni yake, ena akumutsanzira kayendedwe. Manja anakwerabe ambiri pa Kalulu, ndipo zimenezo sizikundidetsa nkhawa, chifukwa zifukwa zasintha: angapo anati chifukwa anaimirira. Mtsikana wina anati akanakhala Kamba akanakanena kwa ahedi. Yankho limenelo talionjezera pa pepala la aphunzitsi ngati limodzi mwa mayankho abwino.

Ogasiti: nyengo, mitengo ndi mawu

Aphunzitsi a zaulimi awerenga zolemba zonse n'kukonza zingapo. Nkhani ichitike mu Okutobala, nthawi yomwe mbande zimakhala m'machubu kudikira mvula, ndiponso mbuzi zimayenda momasuka poti m'minda mulibe mbewu. Mbandezo zikhale za msangu osati mbawa, chifukwa msangu umafulumira mu chubu, moti wofesedwanso mu Okutobala ungathe kubzalidwa mu Januwale, m'kati mwa nyengo yobzala mitengo yomwe imayamba pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo. Anakumbutsanso wojambula kuti msangu waukulu wa pa bwalo la sukulu ukhale ndi masamba m'magawo a chilimwe, koma ukhale wopanda masamba m'gawo lomaliza, chifukwa mtengowu umayoyola nthawi ya mvula. Ana a kumudzi adzaona tikasokoneza.

M'gawo lomaliza mvula sigwa, chifukwa madontho ndi ntchito yambiri. Tionetsa mitambo yakuda, udzu wobiriwira ndi dothi lonyowa. Kalulu akunyamula keni, Kamba akuika mbande m'dzenje, ndipo potuluka ku nazale Kalulu akumanga chingwe, n'kuchikoka kuti aone ngati chalimba. Mawu okha ndi a Kamba owerenga mitengo.

Nyimbo zisamveke pansi pa mawu a atengambali. Sipika ya batire m'kalasi lodzaza imasakaniza zonse, ndipo mawu otsika a Kamba ndi omwe amasowa poyamba. Kalimba ilira m'gawo lachitatu, lachisanu ndi lomaliza basi.

Zolemba tsopano zatsekedwa, kupatula chinthu chimodzi chomwe sitinagwirizane: ngati Kalulu ndi Kamba alankhulidwe ndi ana enieni kapena ndi akuluakulu otsanzira ana. Ana amamveka zenizeni, koma pafunika chilolezo cholembedwa cha makolo, ndipo amatopa msanga pobwereza mizere. Ine ndikukonda ana, makamaka pa mzere wa "si ine", womwe wamkulu amaunena mochita kupanga. Tiyesa njira zonse ziwiri pa gawo lachinayi teremu ikatsegulidwa. Mawu ayenera kujambulidwa milomo isanayambe kuyendetsedwa, choncho pakadali pano wojambula ayamba ndi gawo lachitatu ndi lachisanu, omwe alibe mawu, komanso malo anayi akumbuyo aja.